Ejenti Wolipidwa Komishoni Yokha: Kodi ndi Wantchito Kapena Wabizinesi Yakeyake?

Ejenti wa khomo ndi khomo ndi munthu amene kampani imamutuma kukagulitsa katundu wake m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni, ndipo imamulipira malinga ndi zimene wagulitsa. Ku Malawi kuno njira imeneyi yafala kwambiri pa malonda a nyali za sola zogulitsa pangongole, mbaula zosunga nkhuni, masimukhadi, mapoto ndi zofunda. Makampani amaikonda chifukwa salipira munthu amene sanabweretse ndalama, ndipo achinyamata ambiri amailowa chifukwa siifuna mpamba kapena masatifiketi ambiri. Mikangano yochuluka imene imabuka pakati pa mbali ziwirizi imachokera pa funso limodzi limene ambiri salifunsa poyamba: kodi pamaso pa lamulo ejentiyu ndi wantchito wa kampani, kapena ndi munthu woima payekha amene akungochita malonda ndi kampaniyo? Malipiro otsikitsitsa, tchuthi, penshoni, msonkho, kachotsedwe ndiponso khoti lokadandaulako zimadalira yankho la funso limeneli.

Makampani ambiri amayankha funsoli ndi pepala. Amalemba pamwamba pa mgwirizano kuti wosayinayo ndi ejenti woima payekha, si wantchito, ndipo amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Lamulo la Ntchito la Malawi la m'chaka cha 2000 siliona choncho. Gawo 3 la lamuloli, pofotokoza kuti wantchito ndani, silitchula okhawo amene ali ndi kontrakiti ya ntchito, yolembedwa kapena yapakamwa. Likuwonjezera munthu aliyense amene amagwirira wina ntchito kuti alipidwe, pamene moyo wake wa zachuma ukudalira winayo, ndipo ali wokakamizika kumugwirira ntchito mwanjira yofanana kwambiri ndi ya wantchito kusiyana ndi ya munthu woima payekha. Aphungu polemba mawu amenewa anatchulamo ngakhale matenanti a m'maesiteti, anthu amene eni minda ankawatcha alimi anzawo pamene zenizeni anali antchito. Cholinga cha mawuwo n'choonekeratu: dzina limene munthu wapatsidwa papepala silingamulande ufulu umene kagwiridwe kake ka ntchito kamamupatsa. Lamulo lomweli limanenanso kuti malipiro ndi ndalama iliyonse imene wantchito wapeza pa ntchito yake, kaya itchedwe dzina lanji kapena iwerengedwe motani. Choncho kulipidwa komishoni pakokha sikuchotsa munthu m'gulu la antchito.

Khoti likamaweruza nkhani yotere limayang'ana mmene zinthu zimayendera tsiku ndi tsiku. Limafunsa kuti ndani amasankha nthawi yoyambira ndi yowerukira, ndani amagawa madera, ndani amaika mitengo. Limafunsa ngati ejentiyo ali ndi ufulu wogulitsanso katundu wa kampani ina, ngati angatume m'bale wake kukamugwirira tsiku limene iye wadwala, ndiponso ngati njinga, foni ndi chikwama n'zake kapena za kampani. Limaonanso ngati amalangidwa akajomba, komanso ngati ali ndi kwina kumene amapezako ndalama. Palibe funso limodzi limene limagamula nkhani palokha; woweruza amaunjika mayankho onse n'kuona kumene akulemera.

Apa ndi pamene mamanijala ambiri amadzitchera okha msampha, ndipo amatero ndi zolinga zabwino. Maejenti a komishoni amavuta kuwasunga. Wina amagulitsa sabata ziwiri n'kusowa, wina mvula ikagwa amapita kumunda osatsanzika. Pofuna kuthetsa zimenezi, manijala amakhazikitsa msonkhano wa m'mawa uliwonse pa 7 koloko, amaika kaundula wosayina, amapereka yunifomu, amalamula kuti aliyense agogode makomo osachepera makumi atatu patsiku, amaika pulogalamu ya pafoni yoonetsa pamene ejenti ali, ndipo amaletsa kugulitsa katundu wa kampani ina. Chilichonse mwa izi chimathandizadi malonda. Koma zikaphatikizana, munthu uja sakhalanso wabizinesi yakeyake. Wasanduka wantchito amene sakulandira salale. Kampani siingafune ulamuliro wonse wa bwana n'kukana udindo wonse wa bwana. Iyenera kusankha chimodzi. Ngati ikufuna maejenti oimadi paokha, iwauze za katundu, mitengo ndi malamulo oteteza ogula, kenako iwasiye asankhe okha nthawi, njira ndi malonda ena oyenda nawo. Ngati ikufuna anthu ofika m'mawa uliwonse ndi kumvera supavaiza, iwalembe ntchito, iwapatse malipiro okhazikika osatsika pa amene boma linagamula, komishoni ikhale yapamwamba pake.

Nkhaniyi imayambira pa kulemba anthu. Chidziwitso chimene chamatidwa pamtengo pa msika kapena chalengezedwa pa wailesi ya m'dera chiyenera kunena poyera kuti malipiro ndi komishoni yokha. Mawu akuti "mudzapeza mpaka K300,000 pamwezi" pamene ejenti wamba sapeza ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalamayo amabweretsa anthu ambiri tsiku la intavyu, koma amawathawitsanso mwezi usanathe, ndipo akhoza kudzatengedwa ngati umboni wa lonjezo. Wofunsira ntchito ali ndi ufulu wofunsa kuti maejenti amene alipo kale anapeza zingati mwezi watha, osati wopambana yekha koma wapakatikati. Kampani yoona siivutika kuyankha funso limeneli. Chizindikiro china chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi ndalama zolowera. Malo amene amauza munthu kuti alipire fomu, alipire maphunziro, agule yunifomu ndi katundu woyambira asanagulitse kanthu, nthawi zambiri phindu lawo limachokera kwa olembedwawo osati kwa ogula. Munthu amene watolera ndalama zotere polonjeza ntchito imene kulibe akhoza kuimbidwa mlandu wopeza ndalama mwachinyengo.

Palinso malire ena amene lamulo limaika polemba anthu. Gawo 5 la Lamulo la Ntchito limaletsa tsankho pa zifukwa monga mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali ndi kukhala pabanja. Ana osakwana zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito, ndipo a zaka zapakati pa 14 ndi 18 saloledwa ntchito yoika moyo, thanzi kapena maphunziro awo pachiswe. Kuyenda ndi ndalama m'makomo a anthu osawadziwa si ntchito ya mwana, ndipo kampani yanzeru imangoyambira pa zaka 18, poona chiphaso cha unzika. Kuona chiphaso n'kusunga fotokope yake n'kokwanira. Chizolowezi chosunga chiphaso chenicheni kapena satifiketi ya MSCE ngati chikole chimamanga munthu kuti asachoke ngakhale zinthu zitamuipira, komanso chimamulepheretsa kutapa ndalama kubanki kapena kufunsira ntchito kwina. Njira yabwino yotetezera katundu ndi mboni yosayinira, kalata ya amfumu, ndi kupereka katundu pang'onopang'ono mpaka munthuyo atadziwika.

Mgwirizano uyenera kulembedwa, ndipo ejenti apite ndi kope yake kunyumba. Kwa wantchito, gawo 27 limalamula wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposa kuti apereke chikalata chofotokoza malipiro, kawerengedwe kake, nthawi yolipira, maola a ntchito ndi kathetsedwe ka ntchito, pasanathe mwezi umodzi munthu atayamba. Kwa ejenti woima payekha chikalatacho n'chofunika koposa, pakuti iye alibe chitetezo china kupatula zimene zalembedwamo. Mfundo imene imadzetsa milandu yambiri ndi yakuti komishoni imakhwima liti: wogula akasayina, akapereka dipoziti, katundu akaikidwa panyumba, kapena akamaliza ngongole yonse. Yotsatira ndi yakuti komishoni imene yaperekedwa kale ingabwezedwe pa zifukwa ziti ndiponso mpaka liti. Mgwirizano unenenso za mwini kasitomala pamene maejenti awiri anagogoda khomo limodzi, za katundu wobedwa kapena wowonongeka panjira, ndi za komishoni ya malonda amene adzakhwime ejenti atachoka kale. Ngati ejenti amawerenga bwino Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao osati Chingerezi, mfundo zimenezi zimasuliridwe asanasayine.

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene ndalama zimayendera. Kampani ina ikugulitsa nyali za sola m'boma la Mchinji m'chaka cha 2024. Nyali imodzi ndi K120,000; wogula amapereka K20,000 poyamba, yotsalayo amalipira K10,000 pamwezi kudzera pafoni. Komishoni ndi K8,000 pa nyali iliyonse, yogawidwa pawiri: K5,000 nyali ikaikidwa, ndi K3,000 wogula akalipira miyezi itatu motsatizana. Mayi wina amene ndi ejenti wagulitsa nyali zisanu ndi zinayi m'mwezi wa Julayi, ndiye kuti K45,000. Makasitomala ake asanu akale akwanitsa miyezi itatu, zimene zamuwonjezera K15,000. Zonse pamodzi ndi K60,000. Koma awiri mwa amene anawagulitsa mu Meyi asiya kulipira, ndipo mgwirizano umati zikatero K5,000 yoyamba ija ibwezedwe. Kampani yadula K10,000, yatsala K50,000. Poti kampani imamutenga ngati woima payekha, yadulanso msonkho wodulidwiratu pa komishoni, umene ndi 20 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, n'kuutumiza ku MRA. Wachoka K10,000 wina, ndipo pafoni pake palowa K40,000. Mwezi umenewo wawononga K18,000 pa kabaza ndi mayunitsi. Wapita kunyumba ndi K22,000 atayenda masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

Ngati mayiyu amasankha yekha masiku oyenda, amagulitsanso zitenje ndi mbewu m'makomo momwemo, ndipo palibe amene amamufunsa akapanda kutuluka, ndiye kuti K22,000 ndi phindu la bizinesi yake, lochepa koma losaphwanya lamulo. Chimene angachite ndi kupempha satifiketi ya msonkho umene unadulidwa, kukhala ndi TPIN, ndi kukapereka ku MRA chiwerengero cha zimene wapeza pachaka, pakuti msonkho wodulidwiratu ndi gawo lolipiriratu la msonkho wa pachaka ndipo wopeza zochepa akhoza kubwezeredwa. Maejenti ambiri satolera masatifiketi amenewa, ndipo popanda iwo palibe umboni wakuti ndalama imene inadulidwa inafikadi kuboma.

Koma ngati mayi yemweyu amasayina kaundula pa 7 koloko masiku asanu ndi limodzi pasabata, anapatsidwa midzi yake yoyendamo, analetsedwa kugulitsa china chilichonse, ndipo analandirapo kalata yochenjeza atajomba masiku awiri pa maliro, chithunzi chonse chimatembenuka. Iye ali ndi maziko olimba onenera kuti ndi wantchito. M'chaka cha 2024 malipiro otsikitsitsa pa ntchito zambiri anali K90,000 pamwezi, ndipo wolemba ntchito sangalipire zochepera pamenepo ngakhale wantchitoyo atasayina kuti wavomera. Pa K50,000 imene inawerengedwa, kampani ili naye ngongole ya K40,000 ya mwezi umodzi wokha. Msonkho wa 20 pa 100 uja sukanayenera kudulidwa, chifukwa wantchito amadulidwa PAYE, ndipo K90,000 inali pansi pa malire oyambira msonkho umenewo. Kampani ikakhala ndi maejenti makumi anayi otere kwa zaka ziwiri, ngongole imene ikuunjikana mosadziwa ikhoza kuposa phindu lonse limene inaganiza kuti ikupulumutsa. Chiwerengero cha malipiro otsikitsitsa chimasintha nduna ikalengeza, choncho chatsopano chifunsidwe ku ofesi ya leba.

Malipiro si okhawo amene amabwera ndi dzina la wantchito. Maola a ntchito sayenera kupitirira 48 pasabata popanda ovataimu. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pachaka, wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Akakwanitsa chaka ali ndi tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu pa theka, dokotala akatsimikiza. Mayi ali ndi tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, cholipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Pa penshoni wolemba ntchito amaika 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100. Kwa munthu woyenda m'makomo, chachikulu china ndi chipukutamisozi cha ovulala pa ntchito, pakuti kulumidwa ndi galu, kugwa pa njinga yamoto ndi kufwambidwa madzulo ndi ngozi za tsiku ndi tsiku pa ntchitoyi. Woima payekha sapeza chilichonse mwa izi pokhapokha mgwirizano utanena. Kampani yosamala imagulirabe maejenti otere inshuwaransi ya ngozi, ngakhale isakukakamizidwa.

Kudula ndalama kumafuna kusamala kwapadera, chifukwa ndi pamene maejenti amapwetekedwa kwambiri. Gawo 56 la Lamulo la Ntchito limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito faindi ngati chilango. Supavaiza amene amadula K2,000 kwa wochedwa pa msonkhano, kapena K5,000 kwa wosakwanitsa tageti, akuphwanya gawo limeneli ngati anthuwo ndi antchito. Ndipo ngati akuti si antchito, akupereka yekha umboni wakuti amawalamulira ngati antchito. Lamulo limalola kusalipira masiku amene munthu wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, ndiponso kudula mtengo wa katundu amene wantchito wawononga. Kubweza komishoni chifukwa kasitomala wasiya kulipira ndi nkhani yosiyana. Kuli ndi chifukwa chake chomveka: popanda iko, ejenti amagulitsa kwa aliyense, ngakhale agogo amene akudziwa bwino kuti sangathe K10,000 pamwezi, ndipo ena amalipira okha dipoziti m'dzina la m'bale kuti atole komishoni. Koma kuti kukhale kwachilungamo pamafunika malire a nthawi, monga miyezi itatu yoyamba, ndiponso kusiyanitsa zifukwa. Wogula akasiya kulipira chifukwa batire linafa ndipo kampani sinabwere kudzakonza, kapena chifukwa chimanga chapsa ndi ng'amba dera lonse, ejenti sanalakwe kanthu. Kumusenzetsa zonse ndi kumusandutsa inshuwaransi ya kampani. N'chifukwa chake kugawa komishoni pawiri, ina lero ina pambuyo pake, kuli bwino kusiyana ndi kupereka yonse n'kumadzailanda. Pa malipiro aliwonse pakhale pepala kapena uthenga wosonyeza malonda amene awerengedwa, amene adulidwa ndi chifukwa chake, kuti ejenti ayerekeze ndi kabuku kake.

Udindo wa ejenti nawo ndi wolemera. Katundu amene wanyamula ndi ndalama zimene watolera n'za kampani kufikira atapereka, ndipo kuzigwiritsa ntchito poganiza kuti adzabweza komishoni ikatuluka ndi kuba pamaso pa lamulo, ngakhale kampaniyo ili naye ngongole. Makampani ambiri a sola anathetsa vutoli polamula kuti wogula azilipira yekha pafoni ku nambala ya kampani, ejenti asagwire ndalama. Kumbali inayo, kusagwirizana pa mawerengero si mlandu wapolisi, ndipo manijala amene amathamangira kukatsekeretsa ejenti pa ngongole wamba akugwiritsa ntchito polisi molakwika. Ejenti ayeneranso kunena zoona pakhomo: mtengo wonse osati dipoziti yokha, miyezi yolipira, chimene chimachitika munthu akalephera, ndi kutalika kwa galanti. Zimene walonjeza m'dzina la kampani, atavala yunifomu yake ndi kunyamula mafomu ake, kawirikawiri zimamanga kampaniyo, ndipo wogula wonamizidwa akhoza kukadandaula ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Kampani siingathawire kumawu akuti ameneyo sanali wantchito wathu. Maina, manambala ndi zithunzi za ziphaso za ogula zimene ejenti amajambula pafoni zisungidwe mwachinsinsi, zisagwiritsidwe ntchito ina. Kulowa pakhomo kumafuna odi ndi chilolezo, ndipo kumudzi kumayambira kwa amfumu. Mwini nyumba akakana, nkhani yatha. Kulanda katundu kwa wolephera kulipira kuchitike motsata mgwirizano ndi lamulo, osati pothyola chitseko kapena kuopseza.

Pomaliza pali kuchotsa munthu. M'malonda amenewa kuchotsa kumachitika mwakachetechete: ejenti amadzuka n'kupeza kuti akaunti yake ya pafoni yatsekedwa ndipo wachotsedwa pagulu la mauthenga. Kwa wantchito, gawo 57 limafuna chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika za bizinesi, ndipo pa nkhani ya luso kapena khalidwe ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Kusakwanitsa tageti kungakhale chifukwa, koma kampani ionetse kuti tagetiyo inali yotheka m'dera limenelo ndi nyengo imeneyo, kuti munthuyo anachenjezedwa, ndipo anamvedwa. Malonda a mu Febuluwale, nthawi ya njala, sangafanane ndi a mu Juni anthu atagulitsa fodya ndi soya. Pa mlandu wotere udindo wopereka chifukwa uli pa wolemba ntchito. Wolipidwa pamwezi amapatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, kupatula pa zolakwa zazikulu, ndipo malipiro amene atsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri.

Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule kwa mkulu wa leba wa m'boma lake pasanathe miyezi itatu. Ofesiyo imaitana mbali zonse kuti zigwirizane, ndipo ikalephera nkhani imapita ku Khoti la za Ntchito, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo likhoza kulamula kuti munthu abwezeretsedwe pa ntchito kapena apatsidwe chipukutamisozi. Kampani ikanena kuti wodandaulayo sanali wantchito, khoti limayamba lagamula funso limenelo. Pamenepo umboni umene umathandiza ndi wa tsiku ndi tsiku: mauthenga a supavaiza oitanira ku misonkhano, zithunzi za kaundula, makalata ochenjeza, chitupa cha kampani, mauthenga a ndalama zolowa pafoni, ndi kabuku kamene ejenti ankalembamo dzina la wogula, tsiku ndi nambala ya katundu. Amene alidi woima payekha njira yake ndi ina: amalemba kalata yofuna komishoni yake, akutchula ndime ya mgwirizano ndi ndalama imene yatsala, ndipo akapanda kulipidwa amakasuma ngongoleyo ku khoti la majisitireti.